Nambala ya Gini: mmene imapezekera ndi zimene imabisa

Pakati pa 2004 ndi 2011 chuma cha dziko lino chinkakula bwino ndithu, koma umphawi sudasunthe kwenikweni. Kafukufuku wa boma adapeza kuti anthu osauka adali 52.4 pa 100 alionse m'chaka cha 2004/05, ndipo pofika 2010/11 adali 50.7. Amene ankafunsa kumene chumacho chidalowera adapeza mbali ya yankho mu nambala ina yotchedwa Gini, imene imayeza kusiyana kwa anthu pa chuma. Nambalayi idakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45, kusonyeza kuti phindu lalikulu lidagwera kwa amene adali nazo kale.

Kuchokera apo nambalayi idayamba kutsika. Idali pafupifupi 0.42 mu 2016/17, ndipo mu 2019/20 idafika pafupifupi 0.38. Wina atha kuomba m'manja kuti Amalawi ayamba kufanana, komatu m'chaka chomwecho cha 2019/20 theka la anthu m'dziko muno lidali likadali paumphawi. Kuti munthu adziwe ngati m'pofunika kusangalala kapena ayi, ayenera kudziwa mmene nambalayi imapangidwira. Masamu ake si ovuta; pensulo, pepala ndi kakyuleta ya pafoni n'zokwanira.

Kumene nambala za dziko lino zimachokera

Nambala zili pamwambazi zimachokera ku National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za chiwerengero imene likulu lake lili ku Zomba. Ofesiyi imachita kafukufuku wa m'makomo wotchedwa IHS, amene amafikira mabanja opitirira 11,000 m'dziko lonse ndipo amatenga chaka chathunthu kuti nyengo yokolola ndi nyengo ya njala zonse zilowemo. Mabanja osankhidwawo amakwanira kupereka chithunzi cha dziko, cha chigawo ndi cha boma monga Machinga kapena Balaka, koma sakwanira kunena za dera la mfumu imodzi. Choncho amene akufuna kudziwa za kusiyana kwa chuma kwa Ngokwe, dera la m'boma la Machinga loyandikira nyanja ya Chiuta ndi malire a Mozambique, ayenera kuchita kalembera wakewake n'kuwerengera yekha.

Tiyeni tichite zomwezo. Tiyerekeze mudzi wa mabanja 100 kwa Ngokwe. Nambala zotsatirazi n'zongopeka kuti njira ioneke bwino, si za mudzi weniweni. Monga zimakhalira m'makalembera ambiri, sitidapatsidwe ndalama za banja lililonse palokha. Tapatsidwa magulu anayi, chiwerengero cha mabanja m'gulu lililonse, ndi ndalama zimene banja la m'gulumo limapeza pamwezi pa avereji.

Gulu loyamba ndi la mabanja 40 odalira ganyu ndi kamunda kakang'ono, opeza K40,000 pamwezi. Lachiwiri ndi la mabanja 30 amene amakolola chakudya chokwanirako n'kugulitsa nandolo pang'ono, opeza K80,000. Lachitatu ndi la mabanja 20 a alimi a mpunga ndi ogulitsa nsomba, opeza K150,000. Lachinayi ndi la mabanja 10 a eni makoka, eni zigayo ndi eni magolosale, opeza K300,000.

Kujambula mzere wa Lorenz

Chinthu choyamba ndi kundandalika magulu kuyambira losaukitsitsa kukathera lolemera. Kenaka tipeze ndalama za gulu lonse pochulukitsa chiwerengero cha mabanja ndi avereji yawo. Gulu loyamba lili ndi K1,600,000, lachiwiri K2,400,000, lachitatu K3,000,000, ndipo lachinayi K3,000,000. Zonse pamodzi ndi K10,000,000. Motero gulu loyamba lili ndi magawo 16 pa 100 a ndalama za mudzi, lachiwiri 24, lachitatu 30, lachinayi 30.

Chachiwiri ndi kuwonkhetsa motsatizana, ngati munthu amene akuthira chimanga m'thumba ndowa ndi ndowa n'kumalemba kuchuluka kwa chimene chalowa kale. Mabanja 40 oyamba ali ndi magawo 16. Tikawonjezapo gulu lachiwiri, mabanja afika 70 ndipo magawo afika 40. Tikawonjezapo lachitatu, mabanja 90 ali ndi magawo 70. Pomaliza mabanja onse 100 ali ndi magawo onse 100. Polemba timagawa nambalazi ndi 100 kuti zikhale pakati pa 0 ndi 1. Gawo la mabanja tilitche X, gawo la ndalama tilitche Y.

```
Gulu   X      Y
-      0.00   0.00
1      0.40   0.16
2      0.70   0.40
3      0.90   0.70
4      1.00   1.00
```

Tsopano jambulani bokosi la mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse kutalika kwake kukhale 1. Mzere wapansi uyimire X, mzere woimirira wa kumanzere uyimire Y. Ikani kadontho pa malo asanu ali pamwambawa ndipo mulumikize madonthowo ndi rula. Mzere umene watulukawo ndiwo mzere wa Lorenz, wotchedwa dzina la Max Lorenz wa ku America amene adaufotokoza mu 1905.

Jambulaninso mzere wowongoka kuchokera pangodya yapansi kumanzere kukafika pangodya yapamwamba kumanja. Umenewu ndi mzere wa kufanana, chifukwa mabanja onse akadakhala opeza mofanana, mabanja 40 akadakhala ndi magawo 40, ndipo mabanja 70 akadakhala ndi magawo 70. Mizere iwiriyi ikuoneka ngati uta: wowongokawo ndi nsinga, wa Lorenz ndi mtengo wake wopindikira pansi. Uta ukapindika kwambiri, ndiye kuti kusiyana n'kwakukulu.

Kuchoka pa chithunzi kufika pa nambala

Katswiri wa ku Italy, Corrado Gini, adatulutsa muyeso wake mu 1912, ndipo njira yosavuta youmvetsera ndi kuona kukula kwa malo a mkati mwa utawo. Mzere wa kufanana umadula bokosi lija pakati, choncho malo onse a pansi pake ndi 0.5. Mzere wa Lorenz umagawa malo amenewa pawiri: a mkati mwa uta, amene tiwatche A, ndi a pansi pa uta, amene tiwatche B. Nambala ya Gini ndi A kugawa ndi 0.5. Ngati onse ali ofanana, uta umagona pansinga, A amakhala 0 ndipo Gini ndi 0. Ngati banja limodzi latenga zonse, uta umakwawa pansi mpaka kumapeto ndipo Gini amayandikira 1.

Kuyeza A mwachindunji n'kovuta, koma B ndi wosavuta. Tsitsani mzere kuchokera pa kadontho kalikonse kufika pansi, ndipo B agawika m'zigawo zinayi, chimodzi pa gulu lililonse. Chigawo chilichonse chili ngati munda umene mbali imodzi ndi yaifupi, ina yaitali. Poyeza munda wotere timaphatikiza mbali ziwirizo, kugawa ndi 2, kenaka n'kuchulukitsa ndi mulifupi mwake. Pano mbali ziwirizo ndi Y wa poyambira ndi Y wa pothera, ndipo mulifupi ndi gawo la mabanja a m'gululo.

Chigawo choyamba chikuyambira pa 0 kukathera pa 0.16, pakati pake ndi 0.08, ndipo tikachulukitsa ndi 0.40 tipeza 0.032. Chachiwiri chikuyambira pa 0.16 kukathera pa 0.40, pakati ndi 0.28, kuchulukitsa ndi 0.30 tipeza 0.084. Chachitatu chikuyambira pa 0.40 kukathera pa 0.70, pakati ndi 0.55, kuchulukitsa ndi 0.20 tipeza 0.110. Chachinayi chikuyambira pa 0.70 kukathera pa 1.00; pakati ndi 0.85, kuchulukitsa ndi 0.10 tipeza 0.085.

Tikawonkhetsa zinayizi, B ndi 0.311. Tikachotsera 0.311 pa 0.5, A ndi 0.189. Tikagawa 0.189 ndi 0.5, Gini wa mudzi wathu ndi 0.378. M'mabuku njira yonseyi imalembedwa mumzere umodzi motere:

```
G = 1 − Σ (Xk − Xk−1)(Yk + Yk−1)
```

Chizindikiro cha Σ chikungotanthauza kuti muwonkhetse magulu onse. Amene ali ndi kompyuta atha kulemba X m'mabokosi A1 mpaka A5 ndi Y m'mabokosi B1 mpaka B5 mu Excel, kuyambira ndi mzere wa maziro uja, n'kulemba izi:

```
=1-SUMPRODUCT(A2:A5-A1:A4,B2:B5+B1:B4)
```

Nanga 0.378 akutanthauzanji m'moyo wa anthu? Pali njira ina yomasulira nambalayi imene imamveka msanga. Mutasankha mabanja awiri mwamaere m'mudzimo n'kuona kusiyana kwa ndalama zawo, n'kubwereza kambirimbiri, kusiyanako pa avereji kudzakhala Gini kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi avereji ya mudzi. Avereji ya mudzi wathu ndi K100,000, choncho mabanja awiri otengedwa mwamaere amasiyana ndi K75,600 pamwezi. Pamudzi pamene mabanja 40 amakhalira K40,000, kusiyana kotereku si kochepa.

Mmene mungadziwire kuti mwalakwitsa

Zolakwa za masamuwa zimadziulula zokha ngati munthu ayang'ana zinthu zitatu. Choyamba, X ndi Y omaliza ayenera kukhala 1 ndendende. Akapanda kutero, pali gulu limene laiwalika kapena lawerengedwa kawiri. Chachiwiri, Y sangapose X pamalo alionse, chifukwa mabanja 40 osaukitsitsa sangakhale ndi magawo opitirira 40. Chachitatu, mzere wa Lorenz uyenera kumka nutsetsereka mokwera kwambiri pamene ukupita kumanja. Ukaoneka kuti wakwera kenaka wagonanso, ndiye kuti magulu sadandandalikidwe bwino kuyambira losauka. Yankho likatuluka ndi chizindikiro chochotsera kapena loposa 1, kawirikawiri wowerengayo wasakaniza 40 ndi 0.40, kapena wagwiritsa ntchito magawo a gulu lililonse m'malo mwa owonkhetsa motsatizana aja.

Palinso msampha wina. Malipoti ambiri sapereka avereji ya gulu. Amangolemba malire, monga K60,000 mpaka K100,000. Apa anthu amatenga nambala ya pakati, K80,000, ndipo nthawi zambiri sizilakwika kwambiri. Vuto limadza pa gulu lomaliza, limene limalembedwa kuti K200,000 kapena kuposa. Gulu limeneli lilibe denga, choncho lilibenso pakati. Nambala imene wowerengayo angasankhe pamenepa imasuntha yankho lonse, ndipo wolemba lipoti woona mtima ayenera kunena imene wasankha.

Chofooka choyamba: magulu amabisa kusiyana kwa mkati mwawo

Polumikiza madontho ndi rula tidachita ngati mabanja onse a m'gulu limodzi amapeza ndalama zofanana. Zala za dzanja limodzi sizilingana, ndipo mabanja 40 aja sangalingane. Mzere weniweni wa Lorenz umadutsa pa madontho omwewo, koma pakati pa dontho ndi dontho umalendewera pansi pa mzere wa rula. Zotsatira zake n'zakuti B wathu wakula kuposa mmene alili, ndipo Gini wachepa. Kulakwa kumeneku kumapita mbali imodzi nthawi zonse: Gini wochokera m'magulu mwa njira iyi sangapose weniweni.

Tione kukula kwake. Tiyerekeze kuti mwa mabanja 40 osauka aja, 20 amapeza K25,000 ndipo 20 enawo K55,000. Avereji ikadali K40,000. Tiyerekezenso kuti mwa mabanja 10 apamwamba, asanu ndi atatu amapeza K225,000 ndipo awiri K600,000. Avereji ikadali K300,000. Palibe tambala imene yawonjezeka m'mudzimo, koma tikawerengera ndi magulu asanu ndi limodzi amenewa, Gini akukwera kufika pa 0.396.

Tipitenso mbali inayo. Wina ataphatikiza magulu n'kutsala ndi awiri okha, mabanja 70 apansi okhala ndi magawo 40 ndi mabanja 30 apamwamba okhala ndi magawo 60, yankho lake likhala 0.30. Mudzi ndi womwewo, mwezi ndi womwewo, koma tapeza 0.30, 0.378 ndi 0.396 malinga ndi kuchuluka kwa magulu. Phunziro lake n'lakuti nkosayenera kuyerekeza Gini wa Machinga wochokera m'magulu asanu ndi Gini wa Balaka wochokera m'magulu khumi, chifukwa kusiyana kumene kungaoneke kutha kukhala kwa kagawidwe ka magulu chabe. A NSO amapewa vutoli powerengera kuchokera pa banja lililonse limene adalifunsa, osati pa magulu. Koma mtolankhani, wophunzira kapena wogwira ntchito kukhonsolo amene ali ndi ndandanda ya m'lipoti yokha sangalipewe, ndipo ayenera kutenga yankho lake ngati malire apansi.

Chofooka chachiwiri: nambala imodzi, midzi iwiri yosiyana

Gini amafinya chithunzi chonse kukhala nambala imodzi, ndipo mauta awiri opindika mosiyana atha kukhala ndi malo ofanana mkati mwawo. Taonani midzi iwiri, uliwonse wa mabanja 100 ndi K10,000,000 pamwezi. M'mudzi woyamba mabanja 40 amapeza K25,000 lililonse ndipo mabanja 60 amapeza K150,000. M'mudzi wachiwiri mabanja 90 amapeza pafupifupi K66,700 lililonse ndipo mabanja 10 amapeza K400,000. Mukawerengera monga tachitira pamwambapa, midzi yonse iwiri ikupereka Gini wa 0.30.

Komatu midziyi si yofanana m'pang'ono pomwe. Woyamba uli ndi gulu lalikulu lotsalira kumbuyo pamene ambiri akukhala bwino. Wachiwiri uli ndi anthu ambiri ofanana pakuvutika, ndi ochepa amene adawasiya kutali. Mukajambula mizere yawo pa pepala limodzi, ipingasana. Pa X wa 0.40 mudzi woyamba uli pansi, ndi magawo 10 pamene wachiwiri uli ndi pafupifupi 27. Pa X wa 0.90 zatembenuka: woyamba uli ndi magawo 85, wachiwiri 60.

Izi zili ndi tanthauzo kwa okonza ndondomeko. Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006, idakonzedwa kuti izifikira mabanja osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito, pafupifupi 10 pa 100 alionse. Njira yosankha ochepa yotere imamveka pamene osaukitsitsa akusiyanitsika ndi anzawo. Pamudzi wonga wachiwiriwu, pamene mabanja 90 ali pamlingo umodzi, kusankha khumi kumasiya 80 ofanana nawo akufunsa chifukwa chimene adumphidwira. Gini sangakuuzeni mudzi umene mwafikamo. Mzere wa Lorenz ungakuuzeni, n'chifukwa chake mizere ikapingasana ndi bwino kutchula magawo enieni, monga a mabanja 40 apansi ndi a mabanja 10 apamwamba, m'malo modalira nambala imodzi.

Chofooka chachitatu: chimene chayezedwa ndi amene sadayezedwe

M'chitsanzo chathu tagwiritsa ntchito ndalama zopeza pamwezi, koma kudera longa kwa Ngokwe funso lakuti mumapeza zingati pamwezi lilibe yankho limodzi. Mlimi wa mpunga amagwira ndalama zambiri akakolola, ndipo mu Januwale alibe kanthu. Msodzi amadalira madzi a m'nyanja ya Chiuta ndi nyengo yake. Banja lina limadya chimanga ndi chinangwa cha m'munda mwake osagwira ndalama, lina limalandira kuchokera kwa mwana amene ali ku Joni miyezi ina, miyezi ina ayi. Kalembera wa mwezi umodzi atha kuika banja lomwelo m'gulu loyamba kapena lachitatu malinga ndi tsiku limene wolembayo adafika.

Pa chifukwa chimenechi nambala za dziko lino zija sizichokera pa ndalama zopeza, koma pa zimene banja limadya ndi kugwiritsa ntchito. Ofunsa amalemba chakudya chimene banja ladya m'masiku asanu ndi awiri apitawo, chogula ndi cha m'munda chomwe, n'kuchiika pamtengo. Amawonjezapo zinthu zina monga zovala, sukulu ndi nyumba, kenaka n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu a pakhomopo. Kugawaku n'kofunika, pakuti K80,000 ya anthu awiri si K80,000 ya anthu asanu ndi atatu. Chitsanzo chathu chidawerenga makomo osati anthu, ndipo ichi nachonso chikadasintha yankho.

Kuyeza zodya ndi zogwiritsa ntchito kumakhazikika kuposa kuyeza ndalama, koma kumatsitsa Gini. Wolemera sadya ndalama zake zonse. Zina amasunga, zina amagulira malo kapena galimoto ya bizinesi. Wosauka amadya zonse, nthawi zina n'kukongola. Choncho 0.38 wa Malawi sangaikidwe pambali pa Gini wa dziko limene limayeza ndalama zopeza ngati kuti muyeso ndi umodzi. Ndiponso sakunena kanthu za amene ali ndi minda, ng'ombe, makoka ndi nyumba, zinthu zimene kawirikawiri zimakhala m'manja mwa ochepa kuposa mmene chakudya chimagawikira.

Kuwonjezera apo, olemera ndi ovuta kuwapeza. Ndi ochepa, kotero maere a kafukufuku amatha kuwadumpha. Akasankhidwa ena amakana, ena amachepetsa poopa msonkho kapena akuba. Tibwerere kumudzi kwathu. Ngati mabanja 10 apamwamba adanena K300,000 pamene zoona ndi K450,000, ndalama za mudzi ndi K11,500,000, ndipo Y asintha kukhala 0.139, 0.348, 0.609 ndi 1. Gini akukwera kuchoka pa 0.378 kufika pa 0.446. Kusunthaku kukuposa kusiyana kwa Gini wa dziko lino wa 2004/05 ndi wa 2010/11, ndipo kwabwera chifukwa cha mayankho a mabanja khumi okha.

Chofooka chachinayi: Gini saona umphawi

Gini amayang'ana magawo, sayang'ana kukula kwa chimene chikugawidwacho. Ndalama za banja lililonse m'mudzi mwathu zitatsika ndi theka, magawo akhalabe 16, 24, 30 ndi 30, ndipo Gini akhalabe 0.378 ngakhale anthu akugona ndi njala. Zitakwera kawiri, nambala ndi yomweyo.

Choopsa kwambiri n'chakuti Gini atha kutsika popanda wosauka aliyense kupindula. Tiyerekeze kuti nsomba zasowa ndipo malonda aima, mwakuti mabanja 10 apamwamba atsika kuchoka pa K300,000 kufika pa K150,000, pamene ena onse ali pomwe adali. Ndalama za mudzi zatsika kufika pa K8,500,000, ndipo Gini watsika kufika pa 0.286. Papepala mudziwu wapita patsogolo pa kufanana. Kunja kwa pepala palibe mphika umene wadzadza, ndipo amene ankapeza ganyu kwa eni makoka aja posachedwa ayamba kuusowa.

Yerekezani ndi njira ina yotsitsira nambalayi. Mabanja 40 apansi atalandira K10,000 yowonjezera lililonse kuchokera kunja kwa mudzi, ena onse osataya kanthu, Gini atsika kufika pa 0.340. Kutsika kumeneku n'kochepa kuposa kuja kwa 0.286, koma ndi kumene kwasintha chakudya cha pakhomo. Wongoona nambala yokha angasankhe tsoka lija m'malo mwa thandizoli.

Apa m'pamene tiyenera kubwerera ku nambala za dziko lino. Pakati pa 2016/17 ndi 2019/20 Gini adatsika kuchoka pa 0.42 kufika pa 0.38, koma umphawi udangochoka pa 51.5 kufika pa 50.7 pa 100 alionse. Kutsika kwa Gini pakokha sikungatiuze ngati apansi adakwera, ngati apamwamba adatsika, kapena ngati kafukufuku adapeza olemera ochepa ulendo umenewo. Yankho limapezeka poona zimene gulu lililonse lidagwiritsa ntchito m'zaka ziwirizo, titachotsa kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Mafunso oyenera kufunsa

Choncho mukamva nduna, bungwe kapena wofufuza akutchula Gini wa dziko, wa Machinga kapena wa Balaka, pali mafunso anayi amene angakuthandizeni kudziwa kulemera kwa mawu akewo. Kodi adayeza ndalama zopeza kapena zodya ndi zogwiritsa ntchito, ndipo adawerenga makomo kapena anthu? Kodi adawerengera kuchokera pa banja lililonse kapena pa magulu, ndipo maguluwo adali angati? Kodi mabanja 40 apansi pa 100 alionse ali ndi gawo lanji, ndipo 10 apamwamba ali ndi lanji? Nanga umphawi udatani m'zaka zomwezo?

Ngati lipoti lapereka ndandanda ya magulu, musadikire kuuzidwa. Ndandalikani maguluwo, wonkhetsani magawo, yezani zigawo za pansi pa uta, chotserani pa 0.5, kenaka gawani ndi 0.5 monga tachitira ndi mudzi wa kwa Ngokwe. Yankho lanu liyenera kutsika pang'ono poyerekeza ndi la m'lipoti ngati iwo adagwiritsa ntchito mabanja onse. Likasiyana kwambiri, kapena likaposa lawo, bwerezani masamu anu kaye. Akakhala kuti ali bwino, olemba lipotilo ali ndi funso loti ayankhe.